Tchaja ya foni ikakana kutchaja laputopu, musathamangire kugula batire

Zimandiwawa ndikamaona munthu akugula batire latsopano kapena kutsegulitsa laputopu yabwinobwino chifukwa choti yakana tchaja ya foni. Maganizo ake amakhala omveka ndithu. Kamutu ka chingwe kalowa bwinobwino, foni ikutchaja ndi tchaja yomweyo, ndiye wolakwa angakhalenso ndani kupatula laputopu? Koma nthawi zambiri palibe chimene chafa. Tchaja ndi laputopu zangolephera kumvana, ndipo chifukwa chake chinalembedwa pa tchajapo, m'timalemba timene ambirife sitiwerenga.

USB-C ndi maonekedwe chabe a kabowo ndi kamutu kolowamo. Sikulonjeza kuchuluka kwa moto umene udutse. Zimenezo zimayendetsedwa ndi dongosolo lina lotchedwa USB Power Delivery, limene pa makatoni amangolilemba kuti PD. Mukalumikiza chingwe, tchaja imayamba ndi mavoliti 5 okha. Kenako, kudzera m'kawaya kamodzi kapadera m'chingwemo, imauza laputopu mndandanda wa zimene ingakwanitse: mavoliti akuti pa maampu akuti, akuti pa akuti. Laputopu imasankhapo chimodzi n'kupempha, tchaja ikavomera m'pamene imakweza moto. Zonsezi zimatha musanachotse n'komwe dzanja pa chingwe. Laputopu ikapanda kupeza chimene ikufuna pa mndandandawo, imatenga zochepa zimene zilipo kapena imangosiya osatenga kanthu.

Mavoliti amene PD imagwiritsa ntchito kwambiri ndi 5, 9, 15 ndi 20, ndipo malamulo ake amatengera kukula kwa tchaja. Ya mawati osapitirira 15 imangofunika kupereka mavoliti 5. Ikapitirira mawati 15 imawonjezera mavoliti 9, ikapitirira mawati 27 imawonjezera mavoliti 15, ndipo mavoliti 20 amakhala okakamiza pokhapokha ikapitirira mawati 45. Nkhani yonse yagona pamenepa. Matchaja ambiri a foni ndi a mawati 18, 20 kapena 25, choncho amathera pa mavoliti 9. Malaputopu ambiri amabwera ndi tchaja ya mawati 45 kapena 65 ndipo anazolowera mavoliti 20.

Tiyeni titenge tchaja imodzi tiyione bwino. Ndi ya mawati 20, ya foni, yeniyeni osati yachinyengo. Mukaitembenuza, pa mzere wa OUTPUT palembedwa 5V 3A, kenako 9V 2.22A. Mawati mumawapeza pochulukitsa mavoliti ndi maampu: 9 kuchulukitsa ndi 2.22 ikupereka pafupifupi 20. Basi, mndandanda wake wathera pomwepo.

Tiilumikize ku laputopu yoyamba, imene tchaja yake yobwera nayo inalembedwa 20V 3.25A, kutanthauza mawati 65. M'kati mwa batire lake muli timabatire tinayi tolumikizidwa motsatizana, tonse pamodzi timapanga mavoliti pafupifupi 15. Kuti moto ulowe m'batire, uyenera kukankha ndi mavoliti oposa a batirelo. Ngati kachipangizo kotchajira ka m'laputopumo kamangodziwa kutsitsa mavoliti, kuchoka pa 20 kufika pa amene batire likufuna, ndiye 9 kalibe nawo chochita. Kagetsi sikayaka, pa sikirini sipasintha kanthu, kapena Windows imakuuzani kuti PC isn't charging. Malaputopu ena ali nako kachipangizo kotha kukweza mavoliti, koma amene anawapanga anaika lamulo loti tchaja yochepera pa mlingo wakutiwakuti isalandiridwe. Zotsatira zake n'zofanana. Mukhoza kuisiya usiku wonse, m'mawa mupeza ili pomwe munaisiya.

Tsopano tchaja yomweyo tiipititse ku laputopu yachiwiri, yopyapyala, imene imatha kukweza 9 kufika pa mlingo wa batire lake. Iyi ivomera. Koma mawati 20 aja sapita onse ku batire, chifukwa laputopu imayamba yadya kaye yokha. Tinene kuti batire lake ndi la 50Wh, kutanthauza kuti likadzaza lingapereke mawati 50 kwa ola limodzi. Mukaizimitsa, pafupifupi moto wonse ukulowa m'batire, kupatula wochepa umene umatayika ngati kutentha, ndipo idzaza m'maola atatu kapena kupitirirako pang'ono. Mukaiyatsa n'kumalemba kalata, sikirini ili yowala pakatikati, ikhoza kumadya mawati 10. Otsala ndi 10, ndiye mudikira maola asanu kapena asanu ndi limodzi. Nanga mukayamba kukonza vidiyo kapena kusewera gemu, laputopu n'kumafuna mawati 30? Tchaja ipereka 20 ake aja, 10 osowawo achokera ku batire. Chizindikiro chikuonetsa kuti mwalumikiza, koma nambala ikutsika. Zili ngati kuthira madzi m'ndowa ndi kapu pamene wina akutungamo ndi jagi. Apa m'pamene anthu ambiri amanena kuti batire latha ntchito, pomwe likungogwira ntchito yake.

Njira yosiyanitsira mavuto awiriwa ndi yapafupi. Onani nambala ya batire, zimitsani laputopu, isiyeni pa tchaja theka la ola, kenako yatsani. Ngati yakwera, tchaja ikulandiridwa, yangochepa mawati. Ngati sinasunthe, sizinamvane n'komwe, ndipo muyambe kukayikira mavoliti, chingwe kapena kabowo.

Chimene chimandikwiyitsa kwambiri ndi matchaja a foni olembedwa nambala zikuluzikulu. Munthu amati, "Koma yangayi ndi ya 65W, yofanana ndendende ndi ya laputopu." Inde ndi 65, koma anafika bwanji pa 65 ameneyo? Makampani ena a mafoni ali ndi njira zawozawo zotchajira mwachangu, monga mavoliti 10 pa maampu 6.5. Masamu ake akupereka 65 ndithu, koma mphamvu imeneyo imatuluka pokhapokha tchaja ikazindikira foni ya kampani yomweyo, kudzera pa chingwe chake chomwe. Laputopu sidziwa njira imeneyo. Imapempha za PD, ndipo ngati tchaja ilibe PD, imangopatsidwa mavoliti 5 aja oyambira, mwina mawati 10 okha. Alipo matchaja a mtundu umenewu amene ali ndi PD pambali, koma kawirikawiri ndi yochepera pa nambala yaikulu ya pa katoni. Kwa ine nambala imeneyo, ikakhala yokha, si yoona mokwanira. Opanga matchaja akanamalemba poonekera mavoliti apamwamba amene tchaja imapereka pa PD, ndipo opanga malaputopu akanamalemba pafupi ndi kabowo mlingo wochepetsetsa umene makina awo amalandira. Anatipatsa kabowo kamodzi ka zonse, n'kutisiya tizilota tokha zimene zikugwirizana.

Chingwe nachonso chili ndi mbali yake. Ngati mbali imene imalowa m'tchaja ndi yaikulu ija yakale, ya USB-A, iwalani za PD. Kabowo kakale kaja kalibe polumikizira kawaya kokambirana, choncho laputopu iona mavoliti 5 basi, ngakhale tchaja ikhale yamphamvu bwanji. Pamafunika chingwe cha USB-C mbali zonse ziwiri. Chingwe wamba cha mtundu umenewu chimaloledwa maampu 3, kutanthauza mawati 60 pa mavoliti 20. Kuti padutse maampu 5, mawati 100, chingwecho chiyenera kukhala ndi kachipangizo kakang'ono m'mutu mwake kouza tchaja kuti chingapirire. Tchaja ya 100 pa chingwe wamba imadzitsitsa yokha kufika pa 60. Kuyambira 2021 PD inafika mpaka mawati 240 pa mavoliti 48, koma zimenezo n'za makina akuluakulu, tchaja ya foni sizikuikhudza.

Onaninso kabowo ka laputopu. Si konse ka USB-C kamene kamalandira moto. Pa malaputopu ena, makamaka akale ndi otsika mtengo amene ali ndi kabowo kozungulira ka tchaja yawoyawo, USB-C ndi ya fulashi ndi zina zotero basi. Pa ena muli mabowo awiri koma lolandira moto ndi limodzi, ndipo mwina pambali pake pajambulidwa kapulagi kapena kabatire. Buku la laputopuyo limanena. Komanso ngati tchaja yanu ili ndi mabowo angapo, mawati olembedwawo amagawidwa. Mukalowetsa foni pa bowo lachiwiri, tchaja imayambiranso kukambirana ndi laputopu, ndipo gawo la laputopu likhoza kutsika mpaka pamene iyo sivomera. N'chifukwa chake ena amadabwa kuti imatchaja bwinobwino mpaka mnzawo atabwera kudzabaya foni yake.

Amene muli ndi Mac mukhoza kuona zimene zagwirizanidwa. Tsegulani Terminal mulembe:

```
system_profiler SPPowerDataType
```

Pa gawo la AC Charger Information muona mzere wa Wattage (W). Ngati tchaja inalembedwa 65 koma pamenepo pakuoneka 15, mwadziwa kuti PD sinatheke kapena inathera pansi. Pa Windows, uthenga woti Slow USB charger connected ukutanthauza kuti moto ukulowa koma ndi wochepa pa umene makina akufuna.

Ena amandifunsa ngati kuyesa kungaotche laputopu. Ndi tchaja yopangidwa motsatira malamulo, ayi, chifukwa sikweza mavoliti isanapemphedwe, ndipo laputopu sitenga zoposa zimene yauzidwa kuti zilipo. Tchajayo ingofunda chifukwa ikugwira ntchito pa mphamvu yake yonse kwa maola ambiri. Zoopsa ndi matchaja achinyengo amene amalemba zimene sangakwanitse. Ikatentha moti simungaigwire, kapena ikamangodula n'kuyambiranso, ichotseni.

Ine tchaja ya foni ndimaiona ngati yopulumukirapo, pa laputopu imene imaivomera, ndipo imathandiza kwambiri makina akakhala ozimitsa kapena otseka. Koma ngati mukufuna tchaja imodzi ya zonse, yambirani ku laputopu osati ku foni. Werengani tchaja imene laputopu inabwera nayo. Ngati palembedwa 20V 3.25A, funani ya PD imene pa OUTPUT pake pali 20V ndi maampu osachepera 3.25. Mungapezenso yolembedwa 20V 2.25A, ya mawati 45, imene malaputopu ambiri a 65 amailandira koma mochedwerapo, ndipo ena amachepetsa liwiro la makina kuti moto ukwanire. Foni yanu ya USB-C itchaja pa tchaja yaikuluyo popanda vuto, chifukwa idzangopempha 5 kapena 9 amene ikufuna, ngakhale kuti foni ya njira yakeyake ija mwina siithamanga ngati pa tchaja ya kampani yake.