Mndandanda wa "osa-" suphunzitsa munthu ntchito

Maganizo anga lero akupita kwa inu amene muli ndi kabenchi ka ndalama za pafoni, kaya ku Kawale, ku Area 25 kapena pa depoti, ndipo mwalembapo mnyamata. Ambiri mumamata pepala pakhoma: osapereka ndalama chisawawa, osakhulupirira aliyense, osasewera pa foni, osakongoza. Mnyamata amawerenga, n'kugwedeza mutu. Koma kasitomala akafika ndi anthu asanu kumbuyo kwake, pepala lija silimuuza choti manja ake achite.

Taganizirani munthu wabwera kudzatapa K50,000, akuonetsa meseji yoti ndalama zapita. "Osapereka chisawawa" apa kukutanthauza chiyani? Meseji mnyamata waiona, munthuyo wavala bwino, ndiye kwa iye si chisawawa. Apereka. Madzulo mabuku sakugwirizana, chifukwa mesejiyo inali yopeka. Mawa bwana awonjezera mzere: osakhulupirira meseji ya pa foni ya kasitomala. Wakuba wotsatira atumiza meseji yabodza ku foni ya pabenchi yomweyo, ndipo mnyamata sanaphwanye lamulo lililonse. Pepala limangotalika, nthawi zonse likutsatira m'mbuyo mwa akuba.

Ine ndingalembe chonchi: funsa balansi pa foni yathu, ona ngati yakwera ndi ndalama zomwe watchulazo, lemba m'buku, werenga ndalama kawiri kasitomala akuona, kenako pereka. Njira imodziyi yatseka mabodza onse awiri aja, ngakhale ena amene sitinawamvepo. Komanso bwana mutha kuima pambali n'kuona ngati akuchitadi. Kodi "kusakhulupirira aliyense" mungakuone bwanji ndi maso?

Pali china. Kuletsa kumaika m'mutu chinthu chomwe mukuletsacho. Mu 1987 katswiri wa za maganizo, Daniel Wegner, anauza anthu kuti asaganize za chimbalangondo choyera ndipo aziliza belu chikawabwerera. Belu linkalirabe. Kuti ubongo udziwe kuti sukuganiza chinthu, uyenera kumachiyang'anayang'ana. Ndiponso munthu wamkulu akapatsidwa mizere khumi ya "osa-" amamva ngati mwamuweruza kale kuti ndi wakuba, ndipo ena amayamba kufufuza mpata umene simunalembe. Onani makoma olembedwa "Osakodza pano" m'tauni muno. Fungo lake mukulidziwa. Khomalo lauza wodutsa kuti pano ena amatero, koma silinamulozere chimbudzi.

Sindikuti kuletsa kutheretu. Pamene kulakwa kamodzi kungathetse mpamba wonse, nenani mosapsatira: nambala yachinsinsi osauza munthu, ngakhale woimba foni akuti ndi wa ku kampani. Koma lamulo lotere likhale limodzi kapena awiri kuti limveke kulemera, ndipo muliphatikize ndi chochita: dula foniyo, undiimbire ine. Mukaliika pa nambala 9, pakati pa "osadyera pabenchi" ndi "osamvera nyimbo", mnyamata adzaliona ngati lofanana ndi anzakewo.