Zala zisanu ndi chimodzi pa lichero la nshawa

Sabata yatha amayi ena a gulu logulitsa nshawa kuno ku Chipata anandipempha kuti ndiwapangire positala. Amafuna mayi atanyamula lichero la nshawa, kumbuyo kwake anthu ali piringupiringu ngati pamsika wa Kapata. Ndinalemba mawu mu Stable Diffusion, pulogalamu ya pa kompyuta yopanga zithunzi kuchokera pa mawu amene wailembera, chithunzi chinatuluka chokoma, nshawa zake ngati ungatapeko. Nditawatumizira, anangoyankha kuti: "Mwananga, mayiyu ali ndi zala zingati?" Nditawerenga ndinapeza zisanu ndi chimodzi, china chitalowa m'lichero n'kusanduka nsungwi. Kumbuyo kunali bambo wa mikono itatu, ndi atsikana awiri ogawana phewa limodzi.

Anzanga ambiri zikatere amangobwereza kupanga chithunzicho mpaka mabando atha, kapena kudzaza mawu oti `extra fingers`, kutanthauza zala zowonjezera, mu Negative prompt, malo olembamo zimene sukufuna kuti zioneke pachithunzi. Ine ndimaona kuti uku n'kutungira madzi m'dengu.

Pulogalamuyi siyamba ndi mafupa monga amachitira wojambula pamanja. Imayamba ndi timadontho tosokonezeka ngati wailesi yakanema yopanda siginolo, n'kumatiyeretsa pang'onopang'ono, maulendo 20 kapena 30. Chimene inaphunzira n'chakuti pambali pa chala pamakhala chala china. Polekezera sipadziwa bwino. Nkhope ndi yosavuta chifukwa maso amakhala pamwamba, mphuno pakati, kamwa pansi, nthawi zonse. Koma dzanja lili ndi mafupa 27 ndipo limasintha kaonekedwe. Potema nsima, pogwira khasu, posenda nshawa, mwina zimaoneka zala zitatu, zina zabisala. Komanso mawu ofotokoza zithunzi zimene inaphunzirapo amangoti "mayi pamsika", satchula za zala.

Koma vuto lalikulu, mwa kuona kwanga, ndi malo. Stable Diffusion simajambula pa chithunzi chenichenicho, imagwirira ntchito pa kachithunzi kopanikizidwa, kochepetsedwa ka 8 m'litali ndi m'lifupi momwe. Chithunzi cha mapikiselo 512 mbali iliyonse chimasanduka timabokosi 64 mbali iliyonse. Dzanja la mayi uja linali la mapikiselo pafupifupi 40, ndiye kuti timabokosi tisanu basi. Zala zisanu ndi mipata yake inayi zikwane bwanji pamenepo? Nkhope ya munthu wa m'khamu, ya mapikiselo 16, imapeza timabokosi tiwiri. N'chifukwa chake nkhope za kumbuyo zimaoneka ngati kandulo wosungunuka. Ndipo anthu akathinana, pulogalamuyo imasokonezeka kuti mkono uwu mwini wake ndani.

Ndiye ndinakonza chonchi. Khamu ndinaligonjera, sindinalimbane nalo. Ndinasiya mayi mmodzi kutsogolo, chithunzi chiyambire m'chiuno kuti manja akule, anthu enawo akhale patali, osaoneka bwino, ambiri atatipatsa msana:

```
one woman facing the camera, holding a winnowing basket of groundnuts, waist-up, blurred market crowd far behind with their backs turned, shallow depth of field
```

Bambo wa mikono itatu anathera pomwepo.

Dzanja linafuna ntchito yakeyake. Mu AUTOMATIC1111, pulogalamu yoyendetsera Stable Diffusion, ndinatumiza chithunzicho ku Inpaint, gawo lojambuliranso malo okhawo amene wapaka, n'kupaka dzanja lonse pamodzi ndi kachigawo ka mkono ndi mkombero wa lichero, osati chala cholakwika chokhacho. Kenako ndinasankha Only masked. Chinsinsi chagona apa: pulogalamu imatenga kachigawo kopakidwako, kukakulitsa, kukajambulanso, n'kukabwezera pamalo pake. Dzanja lija la timabokosi tisanu tsopano limapeza makumi angapo. Denoising strength, muyeso wa momwe pulogalamu isinthire malo opakidwawo, ndinaika 0.5. Nditayesa 0.3 chala chowonjezera chija chinakana kuchoka, pa 0.8 panatuluka dzanja labwino ndithu koma la munthu wina, losalumikizana ndi mkono.

Chala chachikulu chinapitiriza kukhota. Ndinaitana mlongo wanga, anagwira lichero lathu pakhonde, ndinamujambula ndi foni, n'kulowetsa chithunzicho mu ControlNet, chida chotsogolera pulogalamu ndi chithunzi china, pa Depth, yoona chimene chili pafupi ndi chimene chili patali, kuti pulogalamu itsatire kagwiridwe kenikeni. Ulendo wachinayi zinatheka. Musanatumize, kulitsani chithunzi, werengani zala dzanja lililonse, onani ngati chala chachikulu chili mbali yoyenera, ndipo mkono uliwonse muutsate mpaka paphewa.

Pali pena pomwe ine ndimakana ntchito. Wina akati ndimupangire khamu la Nc'wala ku Mtenguleni, amuna mazanamazana, aliyense chishango uku chibonga uku, ndimamuuza kuti tipeze chithunzi chenicheni kwa amene anajambula, timulipire. Manja mazanamazana sindingawapake limodzi limodzi.

Amayi aja nditawatumiziranso, anakhala chete kanthawi, ndikhulupirira amawerenga zala. Kenako anati: "Zakwana. Koma nshawazo wonjezerako, lichero likuoneka ngati la chaka cha njala."