Mpata wa kumanzere kwa lole si njira, abale anga a kabaza

Ndakhala ndikuyendetsa lole zaka 14, nthawi zambiri ndikunyamula simenti ndi malata. Lero ndikufuna ndilankhule nkhani imodzi imene imandisowetsa tulo, ndipo ndikudziwa kuti ena a inu mundinena kuti ndikuikira kumbuyo madalaivala anzanga. Werengani kaye mpaka pansi.

Tsiku lina masana ndinkachokera ku Kanengo nditasenza matumba 200 a simenti, omwe ndi matani 10. Ndinafika pa mphambano ina pomwe ndimayenera kukhotera kumanzere kulowa kamsewu kopapatiza. Ndinayatsa siginolo, ndinayang'ana pagalasi la kumanzere, munalibe munthu. Kenako ndinachita zimene dalaivala aliyense wa galimoto yaitali amachita: ndinayamba ndapendekera kumanja pang'ono kuti matayala akumbuyo asagwere m'ngalande. Nditangoyamba kupinda chiwongolero, wondithandizira amene anakhala kumanzere anakuwa, "Abwana, imani!" Ndinaponda mabuleki. Titatsika tinapeza wakabaza atapanikizika pakati pa lole ndi ngalande, mayi amene anawanyamula atagwira thupi la galimoto ndi dzanja. Bondo la mayiwo linali pafupi kwambiri ndi tayala lakumbuyo, moti ndikanayenda pang'ono pokha bwenzi tikunena zina.

Mnyamatayo anali wolusa. Akuti, "Achimwene, munapita kumanja, ndiye ine ndimati mwandipatsa njira." Ine ndinati, "Nanga siginolo simunaione?" Tonse tinkanena zoona, ndipo n'chifukwa chake nkhaniyi imandivuta. Palibe amene analedzera. Palibe amene ankathamanga mopenga.

Ndikufotokozereni zimene zinachitika, chifukwa nditakhala pansi ndinaziwerengera. Njinga yamoto imene ikuyenda pa liwiro la makilomita 30 pa ola imadutsa mamita 8 pa sekondi imodzi. Kuchokera pamene ndinayang'ana pagalasi kufika pamene ndinapinda chiwongolero panadutsa masekondi atatu kapena anayi, chifukwa maso anga anali kumanja kuonetsetsa kuti mphuno ya lole isagunde galimoto zobwera kutsogolo. Masekondi atatu ndi mamita 24. Lole yanga ndi yaitali mamita 10. Ndiye kuti pamene ndinkayang'ana, mnyamatayo anali kumbuyo kwenikweni, atabisika kuseri kwa katundu, komwe galasi lililonse silifika. Ataona mpata watseguka kumanzere analowa, ndipo pa sekondi imodzi yokha anali atafika pafupi ndi chitseko. Kuyang'ana kwanga kunali kolondola, koma kunali kutatha ntchito.

Kuyambira tsiku limenelo ndimayang'ana galasi la kumanzere katatu. Koyamba ndisanayatse siginolo. Kachiwiri ndikamachepetsa liwiro. Kachitatu, komwe ndi kofunika kuposa konse, pamene dzanja langa lili pafupi kupinda chiwongolero. Ndipo ndimakhota pa liwiro la munthu woyenda pansi, galasi la pachitseko litatsitsidwa kuti ngati wina akuwa ndimumve. Akumbuyo amaimba mahutala, aimbe. Sadzapita nane ku polisi.

Anthu ambiri amene sanakhalepo m'lole sadziwa kuti matayala akumbuyo satsata pamene adutsa akutsogolo. Amadula ngodya. Galimoto ikakhala yaitali, amadulanso kwambiri, ndipo thiraki yokoka ngolo ndiye imasesa ngodya yonse. Mpata umene mukuuona kumanzere kwa lole yomwe yapendekera kumanja ndi malo amene matayala akumbuyo akubwera kudzadutsa. Umayamba uli wotakasuka, kenako umatsekeka ngati chitseko, ndipo kumanzere kwanu kuli ngalande, mtengo wa magetsi kapena benchi la ogulitsa tomato. Kothawira kulibe.

Chinanso ndi ichi: kuno timayenda kumanzere kwa msewu, dalaivala amakhala kumanja. Ndiye mbali ya kumanzere ndi imene ili kutali ndi maso ake. Mu lole, munthu wa njinga amene waima pansi pa chitseko cha kumanzere saoneka n'komwe, pokhapokha galimotoyo ikhale ndi kagalasi koyang'ana pansi, ndipo ambiri mwa malole athu akalewa alibe, kapena kanathyoka kalekale. Ngati mukuganiza kuti ndikunama, pemphani mnzanu wa lole akukwezeni pampando wake galimoto itaima, wina aime ndi njinga pambali pa chitseko, kenako aziyenda pang'onopang'ono kubwerera m'mbuyo. Mudzadabwa nthawi imene adzatenge asanaonekere pagalasi. Ine ndimalakalaka aliyense wofuna kuyamba kabaza atakwezedwa choncho kamodzi kokha.

Tsono maganizo anga ndi awa. Wakabaza, wanjinga yakapalasa, musalowe kumanzere kwa galimoto yaikulu pafupi ndi mphambano, kaya yayatsa siginolo kaya sinayatse. Mababu amapsa, dalaivala amaiwala, fumbi limaphimba nyali. Imani kumbuyo pomwe mukutha kuona nkhope ya dalaivala pagalasi lake. Ngati inu simukumuona, nayenso sakukuonani. Pa maloboti, ngati mwafika kale kutsogolo, pitirirani ndithu mukaime patsogolo mamita angapo, osati pansi pa mphuno ya lole, chifukwa pamenepo napo ndi pobisika. Ndikudziwa kuti mumathamangira ndalama ya abwana a njinga madzulo, ndipo kasitomala amakukakamizani kuti wachedwa. Koma kudikira lole kuti ikhote ndi masekondi 10 okha.

Koma madalaivala anzanga, musasekerere, chifukwa katundu wamkulu ali pa ife. Pali khalidwe lina limene ndimaliona tsiku lililonse, makamaka kwa a galimoto zing'onozing'ono ndi a minibasi: kupitirira wanjinga, kenako nthawi yomweyo kukhotera kumanzere patsogolo pake. Mwamudutsa mamita 20 mphambano isanafike, mwaponda mabuleki kuti mukhote, iye akubwerabe pa liwiro lake lomwe lija. Mwamutsekera njira ndinu. Pamenepa wanjinga sanalakwe chilichonse, akuyenda molunjika m'mbali mwake. Chofunika n'kukhala kumbuyo kwake, adutse mphambanoyo, inu mukhote pambuyo.

Ndipo taganizirani bambo amene wasenza matumba atatu a makala pa njinga yakapalasa, akutsetsereka kulowa m'tauni m'mawa. Mabuleki ake ndi timphira tiwiri totha, mwina ndi phazi pa tayala. Sangatembenuke kuyang'ana kumbuyo chifukwa matumba amuphimba, ndipo akatembenuza mutu njinga imapepeluka. Sangatulutse dzanja kusonyeza kumene akupita. Akakumana ndi dzenje kapena mchenga m'mphepete mwa tala, amakhotera mkati mwa msewu mosachenjeza. Munthu ameneyu hutala siimuthandiza, imangomudzidzimutsa. Mpatseni malo okwana kuti ngakhale atagwa, agwere pansi osati pa galimoto yanu. Ine ndimasiya mita ndi theka, ndipo ngati malo amenewo palibe, ndimadikira.

Pali chinthu china chofanana ndi chimenechi chimene chimandipweteka mtima kwambiri, chifukwa chimachokera pa ulemu. Muli pa mzere wa galimoto, mukuona wina wochokera kutsogolo akufuna kukhotera kumanja kwake kudutsa patsogolo panu. Mukumuphethirira nyali kuti dutsani. Iye akukweza dzanja kuthokoza, akuponda mafuta. Koma kumanzere kwanu kukubwera njinga yamoto imene ikudutsa m'mbali mwa mzere, ndipo galimoto yanu yawabisa onse awiri. Amakumana pa ngodya ya bampala yanu. Ine ndisanapatse munthu mpata ndimayamba ndaona pagalasi la kumanzere. Ngati kukubwera njinga, sindiphethira nyali, kuli bwino andione ngati wamwano. Ndipo wina akandipatsa ine mpata, ndimatulutsa mphuno pang'onopang'ono mpaka nditaona ndi maso anga kuseri kwa galimoto yake. Nyali yake ikungonena kuti iyeyo waima. Sikunena za msewu wonse.

Zomwezi zimachitika pa mizere yowolokera anthu, makamaka tsopano pamene misewu ina ya mu Lilongwe yakuzidwa, komanso pa Masauko Chipembere Highway ku Blantyre, pomwe galimoto zimayenda mizere iwiri mbali imodzi. Galimoto ya mzere wakumanzere yaima, mwana wa sukulu wayamba kuwoloka, wa mzere wachiwiri akubwera osachepetsa liwiro chifukwa akuganiza kuti ndi minibasi imene ikutsitsa anthu. Mwanayo akutulukira kuseri kwa galimoto yoimayo ali kale kutsogolo kwake. Pa 50, galimoto imayenda pafupifupi mamita 14 pa sekondi. Sekondi imene ubongo ukuzindikira ndi kusuntha phazi, mamita 14 apita. Mabuleki abwino pa tala wouma amafunanso ena ngati 14. Pamodzi ndi mamita 28. Pa 30, zonsezo ndi mamita 13 basi. Kutanthauza kuti pamalo pomwe wa 30 waima kale, wa 50 phazi lake likungofika kumene pa buleki. Mukaona galimoto yaima pafupi ndi mizere yowolokera, dziwani kuti kuseri kwake kuli munthu, ngakhale simukumuona. Amakabaza, izi zikukhudzanso inu, pakuti ndinu amene mumakonda kudutsa pakati pa galimoto zoima.

Inu oyenda pansi, pa ngodya musaime m'mphepete penipeni mwa tala lole ikamakhota. Bwererani m'mbuyo mapazi atatu, mwana mumugwire dzanja. Ndipo powoloka msewu wa mizere iwiri, galimoto yoyamba ikaima, imani pa ngodya yake musuzumire kaye musanalowe mzere wachiwiri.

Mnyamata uja ndinakumananso naye patapita miyezi, pa siteji ina. Ndi iye amene anandizindikira. Ndinamukweza pampando wanga, wondithandizira anakankha njinga yake n'kuiimika pambali pa chitseko cha kumanzere. Anayang'ana pagalasi, anasuzumira, anaimirira pang'ono pampando. Kenako anafunsa kuti, "Njinga yanga mwaiika kuti?"