Diso lanu kapena diso lobwereka?

Loweruka ndinakwera minibasi pa Kamuzu Road kupita ku Senga Bay. Pampando wakutsogolo kwanga panali mtsikana ndi azakhali ake. Nkhope ya mwanayo mbee ngati chinangwa chosenda, koma mfundo za zala bii, m'masaya muli zigamba zakuda ngati anapsa ndi mbaula. Azakhaliwo anamufunsa motsitsa mawu kuti, "Iwe, mafuta ajawa sunasiyebe?" Iye akuseweretsa foni anangoti, "Azakhali, kukongola kuli m'maso mwa wopenya. Ine ndimadziona bwino."

Ndinatsala pang'ono kutsika.

Mawu amenewa mwawasandutsa chishango, ananu. Munthu akakudzudzulani, basi "m'maso mwa wopenya". Chabwino. Nanga ngati aliyense ali ndi diso lake, bwanji nonse mukugula botolo limodzimodzi la mafuta oyeretsa khungu? Bwanji zithunzi zanu zonse pafoni mwaziyeretsa mofanana, mpaka amayi anu okubalani kulephera kukuzindikirani? Limenelo ndi diso lanu, kapena mwabwereka kwa wogulitsa mafuta?

Akatswiri a kaganizidwe amene anatsutsana pa mawuwa sanali opepera chonchi. David Hume wa ku Scotland analembadi mu 1757 kuti kukongola sikukhala m'chinthu koma m'maganizo mwa wochiona. Koma pomwepo anawonjeza kuti si diso lililonse lingaweruze. Wodwala malungo akati nsima ya chambo ikuwawa, kodi timathamangitsa wophika? Timadziwa kuti lilime ndiye ladwala. Diso nalonso limadwala, ndipo limaphunzitsidwa. Pitani padooko muone mabwato awiri osema. Inu muziti onse ndi mabwato, koma asodzi akale onse aloza limodzi kuti ili ndiye analisema bwino, osapangana.

Katswiri wina, Immanuel Kant, mu 1790 anasiyanitsa "ndimakonda" ndi "n'chokongola". Ukati umakonda usipa kuposa kampango, palibe mlandu, ndi pakamwa pako. Koma ukati chinthu n'chokongola, ukuyembekeza kuti enafe tivomere. Mtsikana uja amadzolera yekha m'chipinda? Ayi, akufuna maso athu. Ndiye asatiuze kuti maso athu alibe gawo.

Sindikukana kuti zokonda zimasintha. Agogo anga anali ndi mphini m'masaya, amuna n'kumawayimbira nyimbo. Lero mungaziseke. Koma mphini zinkapola. M'mafuta anuwo amaikamo mankhwala oopsa. Hayidirokwinoni amadetsa khungu lomwe mukuliyeretsalo, zigamba zake zosachoka. Masiteroyidi amalipepukitsa mpaka mitsempha kuonekera, bala osapola msanga. Mekyule amakawononga impso. Chikomekome cha mkuyu! Impso nazonso zili m'maso mwa wopenya?

Ndi dzuwa la kunyanja kuno, lowotcha mchenga mpaka kuuponda osatheka, inu mukusenda khungu lomwe limakutetezani. Nanunso anyamata oyamikira "kuyera" m'mabawa, mtsikanayo mudzamuperekeza ndinu kuchipatala?

Tayani mabotolowo. Manyazi mulibe!