Tinyenyezi pa foni ya amayi

Loweruka lapitali amayi anandionetsa uthenga pa kafoni kawo ka mabatani, wochokera ku pulogalamu imene gulu lawo losunga ndalama limagwiritsa ntchito. Unali chonchi:

```
**Ngongole yotsala:** K45,000
```

"Mwanangu, tinyenyezi timeneti ndi chindapusa kapena?" Anali atagona nayo nkhawa imeneyi masiku awiri, ndipo zinandipweteka mtima.

Tinyenyezito si chindapusa ayi. Ndi kalembedwe kotchedwa Markdown, kamene kanayamba mu 2004: mawu akakhala pakati pa `**`, tsamba lodziwa kalembedweka limabisa nyenyezizo n'kuonetsa mawuwo akuda bii. WhatsApp imafuna nyenyezi imodzi mbali iliyonse, osati ziwiri. SMS ilibe nazo ntchito n'komwe, imangoonetsa zonse mmene zabwerera.

Nanga bwanji pulogalamuyo osalemba zoyenera foni ya amayi? Chifukwa foniyo siiona. Pulogalamu imene imalemba yankho imangopereka zilembo kwa kompyuta ina imene yafunsa, iyo n'kupatsira kampani yotumiza mauthenga, kenako kampani ya mafoni. Pofika m'manja mwa amayi, uthenga wadutsa manja atatu, ndipo palibe amene amabwerera kukanena kuti wakaonekera pati. Yankho lomwelo likhoza kukatera pa laputopu ya mlembi wa gulu, kapena kuwerengedwa mokweza ndi foni ya munthu wosaona.

Ndipo nkhani imeneyi imadyanso ndalama. SMS imodzi imanyamula zilembo 160 ngati zonse zili m'gulu la zilembo wamba za SMS lotchedwa GSM-7. Mukangolowa chilembo chimodzi chakunja kwa gululo, malire amagwa kufika pa 70, ndipo uthenga wautali umadulidwa zidutswa za zilembo 67. Chilembo chathu cha ŵ mulibe m'gululo. Kachizindikiro kopindika ka ’ kamene makompyuta ena amaika okha mu "m’mudzi" namonso mulibe, koma kowongoka ka ' kalimo. Ndiye uthenga wa zilembo 150, umene ukanapita ngati SMS imodzi, umasanduka zitatu chifukwa cha kachizindikiro kamodzi. Gulu la amayi limalipira katatu, wolemba pulogalamu pa kompyuta yake akuona zonse zili bwinobwino.

Ine mlandu sindiupatsa foni ya amayi, ngakhalenso pulogalamuyo. Amene amadziwa kumene uthenga ukupita ndi munthu amene analumikiza pulogalamuyo ku SMS. Iyeyo ndiye ayenera kuiuza kuti ilembe mawu wamba, kapena kusefa zizindikirozo uthenga usananyamuke, kenako n'kudzitumizira pa foni yotsika mtengo kuti aone ndi maso ake. Pamene pulogalamu sinauzidwe kalikonse, ndi bwino izilemba ziganizo zowerengeka paliponse, ndalama ndi tsiku zili koyambirira.

Ndamulembera mnyamata amene amayendetsa pulogalamu ya gululo, ndipo ndamutumizira chithunzi cha foni ya amayi. Ndamupempha kuti uthenga wa mwezi wamawa udzangoti: "Mwatsala ndi K45,000, mubweze pofika pa 30."