Mukufuna K8,000 m'manja? Musapemphe K9,150

Anzanga a kuno ku Chipata amene mukukambirana za malipiro ndi abwana atsopano, maganizo anga ndi akuti musalowe mu ofesi mutanyamula nambala imodzi yokha. Dziwani ndalama yomwe mukufuna kulandira m'manja, komanso malipiro onse, gulosi, omwe angabale ndalamayo ZRA ya misonkho, NAPSA ya penshoni ndi NHIMA ya inshuwalansi ya zaumoyo atadulapo gawo lawo. Pa kalata ya ntchito amalemba gulosi, koma eni nyumba ku Kapata amadikira zimene zalowa mu akaunti.

Tinene kuti mukufuna K8,000 m'manja. Ambiri amawerengera zodulidwa pa K8,000 yomweyo, n'kupeza msonkho wa K670, NAPSA ndi NHIMA K480, ndiye amaphatikiza n'kupempha K9,150. Zimaoneka zanzeru, koma mwezi ukatha amalandira K7,586. K414 ija yapita kuti? Ndalama yomwe anawonjezera kuti ilipire msonkho nayonso yadulidwa msonkho, komanso penshoni yakwera nayo limodzi.

Msonkho wa PAYE umadulidwa m'magawo. Pa magawo a 2024 ndi 2025, K5,100 yoyamba pa mwezi ilibe msonkho. Yopitirira apo kufika K7,100 amadula 20 peresenti, yopitirira K7,100 kufika K9,200 amadula 30, ndipo yonse yoposa K9,200 amadula 37. NAPSA imatenga 5 peresenti ya gulosi, NHIMA 1 peresenti ya malipiro opanda ma alawansi. Apa tiwerengere ngati mulibe alawansi, ndiye ziwirizi pamodzi ndi 6 peresenti. Musachotse kaye ya NAPSA musanawerengere msonkho, chifukwa PAYE amaiwerengera pa gulosi yense.

Choyamba onani chomwe chimatsala m'manja kumapeto kwa gawo lililonse. Wa K7,100 amadulidwa msonkho wa K400 ndi K426 ya NAPSA ndi NHIMA, n'kutsala ndi K6,274. Wa K9,200 amadulidwa msonkho wa K1,030 ndi K552, n'kutsala ndi K7,618. Popeza K8,000 yathu yaposa K7,618, gulosi yemwe tikumufuna ali m'gawo lapamwamba, ndipo tikupereweza K382 yokha.

Apa ndi pomwe pagona nkhani. Pamwamba pa K9,200, kwacha iliyonse imataya 37 ngwee ku msonkho ndi 6 ngwee ku NAPSA ndi NHIMA, ndiye yofika kwa inu ndi 57 ngwee basi. Kuti K382 ilowe m'thumba, gawani 382 ndi 0.57, mupeza pafupifupi K670. Iphatikizeni ku K9,200, gulosi wanu ndi K9,870.

Osangondikhulupirira, yeserani mobwerera. Pa K9,870 msonkho ndi K1,277.90, NAPSA K493.50, NHIMA K98.70. Zonse pamodzi ndi K1,870.10, ndipo chotsala ndi K7,999.90. Ngati 10 ngwee ikukupwetekani mtima, pemphani K9,871.

Ena amalakwitsa mbali inayo. Amamva za 37 peresenti n'kugawa K8,000 yonse ndi 0.57, n'kutchula K14,035. Bwana wodziwa masamu amangomwetulira n'kuitana wina wotsatira pa mzere. Palinso amene amaopa kukwezedwa malipiro, ati akalowa gawo la 37 peresenti azilandira zochepa kuposa kale. Sizoona. Peresenti yapamwambayo imaluma ndalama yokhayo yomwe yadutsa K9,200.

Mabwana ena amati "ife tizikupatsani K8,000 m'manja, zinazo n'zathu". Ine mawu amenewa sindiwakonda akakhala apakamwa pokha. Auzeni alembe gulosi mu kalata, ndipo pesilipu ionetse K493.50 ya NAPSA. Mukaona K400, dziwani kuti akuwerengera penshoni yanu pa K8,000 ngati ndiye gulosi, ndipo 5 peresenti yomwe iwo amaponyako nayonso yachepa. Mwezi umodzi siioneka, koma pa zaka zambiri za ntchito ndi penshoni yanu imene ikudyeka.

Ngati mbali ina ya malipiro ndi alawansi ya nyumba kapena ya mayendedwe yolandira ngati ndalama, msonkho ndi NAPSA zimaikhudzabe, NHIMA yokha ndiyo imaisiya, choncho yankho limatsika ndi makwacha ochepa. A malipiro akuluakulu akumbukire kuti NAPSA ili ndi malire: mu 2025 wantchito sankadulidwa kuposa K1,708.20 pa mwezi, yomwe inali 5 peresenti ya gulosi wa K34,164, ndiye kupitirira malire otere muzigawa ndi 0.62 m'malo mwa 0.57. Ndipo popeza boma limatha kusintha magawo a msonkho mu bajeti, kuyambira Januwale, onani a chaka chino kwa ZRA musanatchule nambala pamaso pa abwana. Ngongole yodulidwa pa malipiro komanso ndalama ya bungwe la apantchito muziphatikize ku K8,000 ija musanayambe kuwerengera.