Simenti ikathera pakati pa silabu

Maganizo anga ndi akuti mnyamata wophunzira umisiri asamauzidwe kuti "bwereza masamu ako" basi, osamuonetsa kabwerezedwe kake. Akabwereza njira yomweyo pa foni, yankho lolakwika limatuluka lomwelo, iye n'kumati watsimikiza.

Mphwanga, mwana wa mlongo wanga, akuphunzira zomangamanga kwa mmisiri wina kwathu kuno. Anapatsidwa kuti awerengere zipangizo za silabu ya pansi ya kasitolo, mamita 6 m'litali, mamita 4 m'lifupi, kuchindikala masentimita 10. Poyambira anakhoza: 6 × 4 × 0.1 = 2.4, ndiye kuti konkire wokwana makiyubiki mita 2.4. Kasakanizidwe kanali 1:2:4, gawo limodzi simenti, awiri mchenga, anayi kwale, onse pamodzi magawo 7. Anagawa 2.4 ndi 7, napeza 0.34. Thumba la makilogalamu 50 limakhala pafupifupi makiyubiki mita 0.035, choncho anauza mwini sitolo kuti agule matumba 10.

Chimene sanachidziwe n'chakuti zouma zikasakanizidwa ndi madzi zimaphwa. Mchenga umalowa m'mipata ya kwale, simenti n'kulowa m'mipata ya mchenga. Tengani ndowa yodzaza kwale, muthiremo mchenga uku mukugwedeza, muona mchengawo ukumira ndowa osasefukira. N'chifukwa chake amisiri amachulukitsa kaye ndi 1.54 asanagawe. Apa 2.4 × 1.54 = 3.7, kugawa ndi 7 n'kukhala 0.53, amene ndi matumba 15. Anaperewera ndi matumba asanu.

Tsiku lothira, dzuwa lili pamutu, thumba lomaliza linang'ambidwa atangofika pa mamita 4. Mamita awiri otsalawo anali akadali pululu, pulasitiki ndi waya zili poyera. Mmodzi mwa anyamata okanda anati angoonjezera mchenga ndi madzi kuti zifalikire. Mmisiri anakana, ndipo pamenepo ndimamuyamikira. Konkire wosukuluka amapusitsa tsiku loyamba, koma pakatha miyezi pansi pamayamba kutuluka fumbi posesa, ndipo ukakanda ndi msomali mchenga umayoyoka.

Pofika simenti ina pa kabaza, konkire wakaleyo anali atagwira kale. Konkire watsopano sagwirana bwino ndi wouma, pamatsala mzere wofooka umene umadzang'aluka n'kumalowetsa chinyezi. Iwo anaika thabwa kuti mphepete iwongoke, anaigoba kuti ikhale yokhakhala, anainyowetsa n'kupakapo simenti yamadzimadzi, kenako anathira. Zinatheka, koma mzerewo ulipo mpaka lero, ndipo mwini sitolo analipira anyamata tsiku lowonjezera.

Madzulo mphwangayo anati, "Amalume, ndinawerenga katatu konse." Ndinamukhulupirira. Katatu konseko anadutsa njira imodzi yomwe inalibe 1.54.

Kubwereza kwenikweni n'kufika pa yankho podzera kwina. Njira yachiwiri ili pa saiti pomwepo. Wilibala yodzaza mosalaza imatenga pafupifupi matumba awiri, ndiye 1:2:4 ndi thumba limodzi, wilibala imodzi ya mchenga, mawilibala awiri a kwale. Zimenezi zikakandidwa zimatulutsa konkire pafupifupi makiyubiki mita 0.16, wongokwana sikweya mita imodzi ndi theka pa kuchindikala kwa masentimita 10. Silabu yake inali masikweya mita 24. Gawani 24 ndi 1.5, mupeza 16. Yankho lina likati 10 lina 16, munthu amaima kaye asanatume wina ku hadiweya.

Palinso chinthu chimene pepala silingakuuzeni. Dothi lotsendera silikhala losalala ngati mmene pulani imanenera. Mukakoka chingwe pamwamba pa matabwa n'kuyeza ndi tepi malo angapo, mupeza pena 10, pena 12. Sentimita imodzi yokha yowonjezera pa masikweya mita 24 ndi makiyubiki mita 0.24, thumba limodzi ndi theka. Onjezani wotayikira m'njira ya wilibala ndi wotsalira pokandira. Ine pa silabu imeneyi ndikadagula 17, chifukwa thumba lotsala limakagwira ntchito pa pulasitala.

Chimandiwawa n'chakuti amisiri ambiri amasunga manambalawa m'mutu, mnyamata n'kumangokankha wilibala chaka chonse. Tsiku lomupatsa cholembera amamupatsa osayang'ana zimene walemba, zikavuta n'kumukalipira pamaso pa anzake. Mmisiri uja akanangoyang'ana pa pepalalo, 10 akanamudabwitsa nthawi yomweyo, poti aliyense wothira konkire amadziwa kuti kiyubiki mita imodzi ya 1:2:4 imadya matumba oposa 6.

Panopa mphwangayo amalemba mayankho awiri moyandikana m'kope lake, la 1.54 ndi la mawilibala, ndipo amayeza kuya kwa malowo asanatchule nambala kwa mwini nyumba. Pa khonde limene anathira posachedwapa mayankhowo anasiyana kwambiri, ndipo atafufuza anapeza kuti masentimita 7.5 anawalemba 0.75 m'malo mwa 0.075.